Funso la Chingerezi likakana kulongosoka: mawu ati asunthe, ati akhale pomwepo

Teremu iliyonse ndikamachonga makope, cholembera chofiira chimathera pa vuto limodzi lomweli. Wophunzira mawu a Chingerezi akuwadziwa ndithu, sipelo njabwino, koma akati afunse funso, mawu aja amakhala m'malo olakwika. Ndimaziona m'chimangirizo cha mwana wa Folomu 2, ndimazionanso m'kalata ya munthu wa digiri yofunsira ntchito. Gwero lake ndi loti pa Chichewa funso silisuntha mawu. "Mukupita ku Zomba" ndi "Kodi mukupita ku Zomba?" n'zofanana mandandalikidwe, changowonjezeka ndi "kodi" basi, ndipo nthawi zambiri "kodi" yemweyo timamusiya, n'kungokweza liwu. Chingerezi chilibe "kodi". Ntchito ya "kodi" imagwiridwa ndi kusinthana malo kwa mawu awiri, mwininkhani ndi mneni wothandizira.

Aneni othandizira ndi awa: *am, is, are, was, were, have, has, had, do, does, did, can, could, will, would, shall, should, may, might, must*. Ndondomeko zake zitatu nazi, muzibwererako mukasokonekera:

```
She is coming.
When is she coming?
I wonder when she is coming.
```

Mzere woyamba ukungonena, wachiwiri ukufunsa mwachindunji, wachitatu uli ndi funso lobisala m'kati mwa chiganizo china. Onani kuti *is* wadumpha *she* pa mzere wachiwiri pokha. Pa wachitatu wabwerera pakhomo pake. Pezani chizindikiro chofanana ndi vuto lanu m'munsimu.

## Chizindikiro 1: Funso likumveka ngati mukungonena

Zitsanzo zake ndi *Why you are late?*, *You are going where?* ndi *How much it costs?* Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Mwasuntha liwu lofunsira lokha, mneni wothandizira mwamuiwala. Pali masitepe awiri, ndipo ambiri amathera pa loyamba. *Why* wapita kutsogolo, chabwino, koma *are* ayeneranso kudumpha *you*. Kuona kwake nkosavuta: ikani chala pa liwu lotsatana ndi *why, where, when, how*. Ngati chala chagwera pa *you, he, she, they* kapena dzina la munthu, funsolo silinathe. Likhale *Why are you late?*
- Mwatenga ndondomeko ya Chichewa yonse. Ife timati "Mukupita kuti?", "Mwagula chiyani?", "Abwera liti?", liwu lofunsira kumapeto. Pa Chingerezi limayamba ndi lomwelo: *Where are you going?*, *What have you bought?*
- M'chiganizo mulibe mneni wothandizira woti asunthe. *It costs five thousand* ali ndi mneni mmodzi yekha, ndipo mneni wamba ngati *cost, go, want, live* sadumpha mwininkhani. *How much costs it?* n'cholakwika. Apa mumabwereka *do, does* kapena *did* kuti adzadumphe m'malo mwake: *How much does it cost?*

Mneni *be* yekha ndiye sabwereka mnzake. Ngakhale ali yekha m'chiganizo, amadumpha mwini wake: *She is a nurse* n'kukhala *Is she a nurse?* Choncho *Do you be* kapena *Does she is* musazilembe.

Nanga *have*? Akakhala wothandizira, monga mu *They have left*, amadumpha: *Have they left?* Akamatanthauza kukhala ndi chinthu, njira zodalirika ndi ziwiri, *Do you have a pen?* ndi *Have you got a pen?* M'mabuku akale a ku Britain mupezanso *Have you a pen?*, ndipo sicholakwika, kungoti masiku ano chimamveka chachikale. Pa nkhani ya kudya, ndi *do* basi: *Did you have lunch?*

## Chizindikiro 2: Nthawi yalembedwa kawiri

*Did you went?* *Does he knows?* *Where did she bought it?* Ili ndi losavuta kuchiza.

Choyambitsa chachikulu nchoti mwabwereka *did* koma mneni wamkulu mwamusiya m'nthawi yakale. Chizindikiro cha nthawi chimakhala pamalo amodzi. Pa Chichewa timati "anapita", "-na-" mmodzi, sitinena "ananapita". *Did* akalowa, ndiye watenga "-na-" uja, ndipo mneni amabwerera m'maonekedwe ake a mu dikishonale: *Did you go?*, *Where did she buy it?* N'chimodzimodzi *-s* wa *knows*: amasamukira pa *does*, n'kutsala *Does he know?*

Chachiwiri, chosafala kwenikweni, ndi kubwereka *do* pomwe wothandizira alipo kale. *Do you can drive?* ali ndi othandizira awiri olimbirana malo amodzi. Chotsani *do*: *Can you drive?*

## Chizindikiro 3: Mwasuntha mawu ochuluka mopyola

*What is doing your brother?* *How long have been you waiting?* *Why did not you come?*

- Mwininkhani ndi wamtali, ndiye mwamukankhira kumapeto. Ndi *he* ambiri salakwitsa, amati *What is he doing?* bwinobwino. Koma akangoti *your brother*, kapena *the man who sells tomatoes near the depot*, dzanja limafuna kumaliza aneni onse kaye. Ikani *he* kapena *she* m'malo mwa mwininkhani wamtaliyo, konzani funso, kenako bwezerani mawu aatali aja pamalo pomwe panali *he*. Mupeza *What is your brother doing?*
- Othandizira alipo awiri kapena atatu. Wodumpha ndi woyamba yekha. Mu *You have been waiting*, *have* ndiye apite, *been waiting* atsale: *How long have you been waiting?* Mu *It should have been signed*, ndi *should* yekha: *When should it have been signed?*
- Liwu lokana. Likafupikitsidwa limamatirira kwa wothandizira n'kudumpha naye: *Why didn't you come?* Likalembedwa lathunthu limatsala kumbuyo kwa mwininkhani: *Why did you not come?* Zonse ziwiri n'zolondola, yachiwiriyo ndi ya m'kalata za ku ofesi.

Palinso kulakwitsa kotembenuka, kosuntha mawu ochepa. *How many, how much, which, whose* amayenda ndi dzina lawo ngati mbuzi ndi chingwe chake. Osati *How many do you have children?* koma *How many children do you have?*

## Chizindikiro 4: Funso laulemu kapena lofotokoza zomwe wina anafunsa

Apa ndi pomwe pamagwa ngakhale anthu oyankhula Chingerezi chosalala, ndipo ndiimapo nthawi. Zitsanzo: *Can you tell me where is the office?*, *I would like to know when does the course start*, *He asked me that why am I late*.

Chodabwitsa nchoti olakwitsa apa ndi amene anamvetsa bwino phunziro loyamba lija. Anauzidwa kuti *where* atsatidwe ndi *is*, ndipo akutero paliponse. Koma kusinthana malo kumachitika kamodzi kokha, m'nthambi yoima payokha. Mu *Can you tell me where the office is?* funso lenileni ndi *Can you tell me*, ndipo *can* wadumpha kale *you*. Nthambi ya *where the office is* yangokhala chinthu chomwe mukufuna kuuzidwa. Ili pamalo pomwe mukanaika dzina, monga *Can you tell me the time?* Dzina silifunsa, choncho nthambiyo imatsata ndondomeko ya chiganizo chongonena.

Chichewa pano chikhoza kukuthandizani m'malo mokusokonezani. Timafunsa kuti "Ofesi ili kuti?" koma mwaulemu tingati "Mungandiuzeko komwe kuli ofesi?" Timati "Abwera liti?" komanso "Sindikudziwa tsiku lomwe abwere." Paliponse pomwe Chichewa chikulola "komwe", "chomwe", "amene", "chifukwa chomwe", "momwe" kapena "ngati", dziwani kuti pa Chingerezi mawu sadumphana.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Wothandizira wadumpha m'nthambi yachiwiri. Phimbani mawu oyambirira ndi chala, *Can you tell me* kapena *I don't know*, komanso liwu lofunsira. Zotsalazo ziyambe ndi mwininkhani. *I don't know where he has gone*: chotsala ndi *he has gone*, zili bwino. Chikatsala *has he gone*, bwezani.
- Wobwereka uja sanabwezedwe. *Do, does, did* anabwera kudzadumpha. Ngati palibe kudumpha, alibe ntchito, achoke, ndipo nthawi ibwerere pa mneni. *When does the course start?* n'kukhala *I would like to know when the course starts*. Ambiri amachotsa *does* n'kuiwala *-s* wa *starts*. Koma *don't, doesn't, didn't* okana aja amatsala: *I wonder why she didn't come*.
- Mwamasulira "kuti" kukhala *that*. "Anandifunsa kuti ndikupita kuti" ndi Chichewa chabwino. *He asked me that where I was going* si Chingerezi. Liwu lofunsira lokha likukwanira kulumikiza nthambi ziwirizo: *He asked me where I was going*.
- Funso ndi la inde kapena ayi, ndipo mulibe cholumikizira. *She asked me am I married* akusowa "ngati". Ikani *if* kapena *whether*: *She asked me if I was married*. Awiriwa nthawi zambiri amasinthana, koma pali malo atatu a *whether* yekha: patsogolo pa *to*, monga *I don't know whether to go*; pambuyo pa mperekezi, monga *It depends on whether he pays*; ndiponso potsatana ndi *or not*, monga *whether or not she agrees*.
- Mfunsiro waikidwa posayenera. Chizindikiro cha kumapeto chimamvera nthambi yoyamba. *Do you know where she lives?* alandire mfunsiro chifukwa *Do you know* ndi funso. *I wonder where she lives.* ndi *Please tell me where she lives.* alandire mpumiro.

Nthawi ya mneni nayo imasintha mukamafotokoza zomwe wina anafunsa kale, phunziro lomwe pa Chichewa timalitcha zoyankhula mwini ndi zoyankhula wina. *Asked* akatsogola, mneni wa m'kati amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi: *is* akhala *was*, *has gone* akhala *had gone*, *will* akhala *would*, *can* akhala *could*. Pocheza, ngati nkhaniyo ikadali yoona, *She asked where I live* imaloledwa. Pa mayeso a MSCE ndimalangiza ana anga kubweza nthawi m'mbuyo, *where I lived*, chifukwa ndi njira yomwe palibe wochonga angaikane.

### Kalata imodzi, mzere ndi mzere

Mtsikana wina yemwe ndinam'phunzitsa, pano ndi namwino, anabwera ndi foni m'manja. "Aphunzitsi, tandionereni kaye ndisanatumize." Ankafunsa za malo a ntchito kunja, ndipo imelo yake inali ndi ziganizo zinayi izi:

```
I would like to know when is the closing date?
Could you tell me how much does the test cost?
Also, I can apply before my results are out?
Please advise me that which documents should I send.
```

Ziganizo zinayi, zolakwika zinayi, koma si matenda amodzi.

Choyamba chikuyamba ndi *I would like to know*, chomwe si funso ayi, akungonena chomwe akufuna. Tinabweza *is* kumbuyo kwa mwininkhani wake, *the closing date*, n'kuchotsa mfunsiro. Iye anadandaula kuti chiganizo chothera pa *is* chikumveka ngati chadukira panjira. Ambiri amamva choncho, ndipo n'chifukwa chake amamukokera *is* kutsogolo. Chingerezi chilibe nazo vuto, *is* amatha kutseka chiganizo.

Chachiwiri ndi funso lenileni, *Could you tell me*, ndiye mfunsiro anatsala. *Does* anachoka, *-s* wake n'kubwerera pa *costs*.

Chachitatu chinali ndi vuto lotembenuka. Apa panalibe nthambi yotsogolera, linali funso lachindunji, ndipo ndi pomwe kudumpha kunafunika. Iye anangoika mfunsiro kumapeto ngati momwe tingachitire ndi "Ndingathe kulembera zotsatira zisanatuluke?"

Chachinayi chinali ndi "kuti" wathu uja atavala *that*, komanso *should* atadumpha *I* popanda chifukwa. Titamaliza zinakhala chonchi:

```
I would like to know when the closing date is.
Could you tell me how much the test costs?
Also, can I apply before my results are out?
Please advise me which documents I should send.
```

Kupatula *does* ndi *that* omwe tinachotsa, ndi *-s* mmodzi yemwe tinawonjezera, mawu onse ndi ake omwe aja.

## Chizindikiro 5: Mwafunsa bwino, koma yankho likubwera lina

Mumafuna kudziwa amene anaimbira foni Chisomo, ndipo mwafunsa *Who did Chisomo call?* Akukuuzani munthu yemwe Chisomoyo anamuimbira. Galamala njolondola, funso ndi lina.

Choyambitsa ndi kusasiyanitsa funso la mwininkhani ndi la pamtherankhani. Pa Chichewa malo a "ndani" amatiuza: "Ndani anaimbira Chisomo?" ndi "Chisomo anaimbira ndani?" Pa Chingerezi *who* amakhala kutsogolo konse kuwiri, ndiye kusiyana kumaoneka pa *did*.

- Ngati *who* kapena *what* ndiye wochita ntchitoyo, palibe kudumpha ndipo palibe *do*: *Who called Chisomo?*, *What happened?*, *Which bus goes to Mzuzu?*, *How many people came?*
- Ngati wochita ntchitoyo ndi wina wotchulidwa, *do* abwere: *Who did Chisomo call?*, *Which bus did you take?*

Poyesa, yankhani funso lanu ndi chiganizo chathunthu. Yankho likagwera koyambirira, monga *Mphatso called Chisomo*, ndi funso la mwininkhani, ndipo mungochotsa *Mphatso* n'kuikapo *who*. *What did happen?* ndi *Who did call?* zimamveka pokhapokha munthu akuumirira, ngati wanena kale kuti si uje, si uje, nanga ndani kwenikweni. Pa funso wamba musazigwiritse ntchito.

Mafunso amtunduwu akalowa m'chiganizo china sasintha konse, poti sanadumphe n'kale: *What is wrong?* n'kukhala *I don't know what is wrong*. Ana ena, atamva phunziro la Chizindikiro 4, amayamba kulemba *I don't know what wrong is*, apo ndiye mankhwala apyola muyeso.

## Zooneka ngati zolakwika koma zili bwino

Musakonze izi:

- *You paid how much?* Ndi funso lodabwa, lobwereza zomwe wamva, monga timanenera "Mwati zingati?" Liwu lofunsira limatsala kumapeto. Ndi la pakamwa, osati la m'kalata.
- *You're coming tomorrow?* Munthu akungotsimikiza zomwe akuganiza kale. Si Chingerezi cholakwika ayi, Angerezi enieni amatero pocheza tsiku ndi tsiku. Vuto ndi pomwe njira imeneyi ndi yokhayo yomwe mumadziwa.
- *How come you are late?* Pambuyo pa *how come* sipadumphidwa, ngakhale tanthauzo lake ndi la *why*.
- *Where do you think she went?* Kudumpha kwachitika kamodzi, pa *do you think*, ndipo *she went* watsala chimodzimodzi. *Where do you think did she go?* n'cholakwika.
- *How tall she is!* Uku n'kufuula modabwa. Funso lake ndi *How tall is she?*

Mukamva munthu wa ku Ireland kapena ku India akunena *I asked him was he coming* kapena zofanana nazo, musadabwe, m'mayankhulidwe ena a Chingerezi zimenezi zilipo. Koma pa mayeso ndi m'kalata za ntchito, chomwe chimayembekezeka ndi *I asked him if he was coming*.

## Pomwe muyenera kusiya n'kupeza wokuthandizani

- Simukutha kuloza mwininkhani m'chiganizo chanu. Njira zonse zili pamwambazi zimadalira zimenezo. Pitani kwa mphunzitsi wa Chingerezi ndi ziganizo zanu zenizeni khumi, akuonetseni mwininkhani ndi mneni pa chilichonse. Kuloweza malamulo ena pamwamba pa mpata umenewu n'kutaya nthawi.
- Polemba mumakhoza, pakamwa zimabwerera. Lamulo mukulidziwa, chatsala ndi lilime, ndipo nokha simudzimva mukalakwitsa. Ngati mukukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, komwe kuli gawo loyankhula, pezani mphunzitsi wodziwa mayesowo. Pa OET ya anamwino mumachita sewero lofunsa wodwala mafunso, ndiye vutoli limaonekera poyera.
- Cholembacho chili ndi zotsatira zazikulu. Kalata ya viza, sitetimenti ya ku polisi kapena ku khoti, mafunso a kafukufuku omwe apite kwa anthu mazana: izi apatseni mkonzi kapena womasulira wodziwa ntchito, ndipo za milandu aone loya. *Who hit the driver?* ndi *Who did the driver hit?* zimaloza anthu awiri osiyana, womenya ndi womenyedwa.
- Kompyuta yadula mzere pansi pa chiganizo chomwe mukukhulupirira kuti n'cholondola, kapena yangokhala chete. Pulogalamu yoona galamala siingadziwe funso lomwe mumafuna kufunsa, choncho vuto la Chizindikiro 5 imangolidutsa, poti ziganizo zonse ziwiri n'zolongosoka. Muuzeni munthu m'Chichewa chomwe mukufuna kudziwa, kenako mum'patse Chingerezi chanucho aone ngati chikufunsa zomwezo.